Mbuzi za kwa Mwangi Zinangodutsa Pakhomo Panga

Malonda ena akakoma kwambiri, gwira thumba uthawe. Ine ndimazidziwa zimenezi kuposa aliyense. Ntchito yanga muno mu Nairobi n'kugula katundu wa mabwana a ku Runda amene kontirakiti yawathera: mafiriji, masofa, makina ochapira. Munthu amene ndege ikumudikira sanenerera. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma pa nkhani ya mtengo palibe wa digiri amene anandigwetsapo. Ndiye khalani pansi mumve mmene ndinagwera ndekha, pamaso pa alendo, m'malonda okoma kuposa onse amene ndinawaonapo.

Mwana wathu Tiyamike amagwira ntchito ya zaufulu wa anthu ku Gigiri. Anapeza mnyamata wa Chikikuyu, dzina lake Mwangi. Akwawo kwa mnyamatayo anatuma mkulu wina, Mzee Gitau, mphunzitsi wopuma, kudzationa kwathu ku Utawala. Tinkalankhula Chingerezi chothira Chiswahili, koma ndikuuzani m'Chichewa.

"Baba Tiya," anatero Mzee, "ife sitikakamiza. Titsate mwambo wa kwanu kapena wa kwathu?"

"Wa kwanuwo umati bwanji?"

"Kwathu timapereka ruracio, mbuzi zothokoza makolo a mkazi. Masiku ano mbuzi zambiri zimabwera mu envelopu. Ndipo sitimaliza tsiku limodzi ayi. Mkamwini amapereka pang'onopang'ono mpaka imvi."

Mpaka imvi! Abale, ine ndine Mchewa wa ku Dowa. Kwathu mwamuna amanyamula khasu n'kukakhala kwa mkazi, ndipo mwana wamkazi akamakwatiwa, olankhula ndi amalume ake. Bambo amangokhala pakhonde ngati mlendo. Lero munthu wabwera yekha kudzandipatsa penshoni!

"Mzee," ndinatero nkhope ili phee, "ife ndife alendo m'dziko lanu. Tingakuphunzitseni mwambo ife? Titsata wa kwanu, wonse, osachotsapo kanthu."

Mawu akuti "wonse" amenewo muwasunge.

Mzee atangotuluka pageti, Tiyamike anandilumphira.

"Adadi, ine si firiji ya ku Runda! Munthu saikidwa mtengo. Kaya ndi ku Kenya, kaya ku Dowa, kaya kumwezi, cholakwika n'cholakwika."

"Wanena ndani?"

"Aliyense woganiza bwino."

"Eya, aliyense woganiza bwino nthawi zonse amakhala wa muofesi mwanu. Tamvera, mwana wanga. Anthu obwera ndi lamulo limodzi la dziko lonse ndawaona, ndipo lamulolo limakhala la kwawo. Azungu anauza agogo ako kuti gule ndi wa Satana. Lero adzukulu awo akulipira kuti amujambule. Amayi ake a Mwangi anaperekeredwa mbuzi, agogo ake chimodzimodzi. Upite ukawauze kuti ndi katundu, uone ngati ubwerako ndi mano. A kumpoto amatiseka ife kuti ndife akapolo a apongozi, ife timawaseka kuti amagula akazi. Iwe waima pa phiri liti kuti uweruze tonsefe?"

"Anthu kusiyana maganizo sikutanthauza kuti palibe wolondola, adadi. Mukakangana ndi kasitomala kuti firiji ikuzizira kapena ayi, mmodzi wa inu akunama."

"Firiji timailumikiza kumagetsi n'kuona. Chabwino ndi choipa uchilumikiza pati? Bwana wina ku Runda anandikalipira kuti ndamanga mbuzi mwankhanza pa njinga yamoto. Yemweyo amayi ake anakawasiya kunyumba ya okalamba, n'kumawatumizira maluwa. Kwathu imeneyo ndi nkhanza. Kwawo ndi chikondi."

"Koma nonse mukuvomereza kuti mayi ayenera kusamalidwa. Mwasiyana njira basi. Ndipo ndikufunseni. Esinati wa azakhali atamutulutsa mu Sitandade 6 kuti akwatiwe, amene anakwera basi kukamulanda ndani?"

"Ine."

"Akuluakulu anati ndi mwambo. Inu munati chiyani?"

"Ndinati mwambo wopusa. Koma unali wa kwathu. Munthu ali ndi ufulu wosesa m'nyumba mwake."

"Ndiye Esinati akanakhala mwana wa aneba athu Achikenyawa, mukanangoyang'ana? Komanso ngati chabwino ndi chimene mudzi wagwirizana, ndiye kuti tsiku limene lija wolakwa munali inu, chifukwa munali nokha."

Pamenepo ndinaona kuti foni yanga ikufunika kutchaja.

Mwanayo sanandisiye. "Ngakhale lamulo lanu lakuti tizilemekeza miyambo ya ena, mukufuna aliyense alitsate, eti? Limenelo si lamulo la dziko lonse?"

"Sukulu yako ndinalipira ndine," ndinatero. Mfundo imeneyi siyankha funso, koma imatseka pakamwa.

Mapeto ake Tiyamike anavomera mwambowo chifukwa cha amayi ake a Mwangi, amene anamuuza misozi ili m'maso kuti popanda ruracio abale sadzamuona ngati wawo. Koma anaika malire: pasakhale kunenerera digiri yake, ndipo banja likadzavuta, mbuzi zisadzamumange mwendo. Mkazi wanga, mayi a Tiya, nthawi yonseyi ankangosita zovala osanena kanthu. Ndikanakhala wanzeru, chete ameneyo ndikanamuopa.

Tsiku linafika. Azimayi a kwa Mwangi anaima pageti ndi madengu pamsana, akuimba mpaka titawatsegulira. Ine ndinali nditagula mbuzi yonenepa yowotcha, ndi kubwereka tenti ndi mipando. Wamalonda saopa kuika nyambo. Ndinavala suti imene kazembe wina anaiiwala mu wadirobu.

Titadya, akuluakulu tinalowa m'nyumba. Mzee Gitau anaika envelopu patebulo. Inali yonenepa, yopuma yokha. Dzanja langa linayamba ulendo.

Mzee anaikapo chala.

"Kafunso kamodzi, Baba Tiya, ka mwambo chabe. Inu kwa Mama Tiya munapereka zingati?"

"Zingati chiyani?"

"Mbuzi."

Ndinaseka. "Mzee, kwathu sitipereka. Timakalowa chikamwini."

Akuluakulu aja anayang'anana ngati ndanena kuti ndilibe mutu.

"Pole sana, pepani kwambiri," anatero Mzee. "Kwathu bambo salandira za mwana wake ngati iye sanapereke za mayi wa mwanayo. Zimabweretsa tsoka pa ana. Mbuzi izi ziyenera kupitirira kwa amene anabereka Mama Tiya. Ndipo kuti njira itseguke, inu muyambe mwaperekako zanu."

"Zanga?"

"Munati wonse, osachotsapo kanthu."

Abale, Mzimu unanditsikira pomwepo. Ndinaimirira, suti ya kazembe ikuthina m'khwapa.

"Mzee, ndi ulemu wonse, munthu saikidwa mtengo! Kaya ndi ku Kenya, kaya ku Dowa, kaya kumwezi! Mkazi wanga si firiji! Cholakwika n'cholakwika!"

Kukhitchini kunamveka mbale ikugwa, kenako Tiyamike akuseka mpaka kutsokomola. "Adadi, mawu angawo mubweze, simunalipire!"

Mzee sanakwiye. Aphunzitsi opuma ali ndi nthawi.

"Baba Tiya, mwaima pa phiri liti?" Tiyamike anali atauza Mwangi za mkangano wathu, Mwangi n'kukamuuza Mzee zonse, kazitape! "Koma ndikuyankheni bwino. Mbuzi si mtengo. Wogula amalipira n'kuchoka, ndipo inu mukudziwa. Ife sitimaliza dala, kuti mabanja awiri asasiye kuyenderana. Sindikana kuti ena auipitsa mwambowu. Ndaonapo makolo akunenerera ngati ali pamsika, ndaonapo mkazi akumenyedwa n'kuuzidwa kuti anagulidwa. Zimenezo n'zoipa, ndipo sindidikira a ku Gigiri kuti andiuze. Koma mwana wanu akanatiweruza asanatifunse kuti mbuzi zikutanthauzanji, akanalakwanso. Nanga kwanu mkamwini amathokoza bwanji?"

"Amalima munda wa apongozi. Amamanga nkhokwe."

"Basi! Mbuzi zanu zili m'khasu. Ndiye ngati munalima, ngongole mulibe. Tengani envelopu."

Mtima unabwerera m'malo. Ndinatambasulanso dzanja.

"Analima?"

Anali mayi a Tiya, ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

"Mayi a Tiya, pano pakulankhula amuna."

"Mwambo wa ndani umenewo? Kwathu ku Dowa mwana uyu ndi wa mbumba yathu, inu ndinu wobwera. Mwakhala mukukangana za miyambo ngati mwambo ndi wa amuna okha. Ine anandifunsa ndani?" Anatembenukira kwa Mzee. "Bambo awa anafika kwathu mvula itayandikira. Anagwira khasu m'mawa umodzi, matuza anatuluka, n'kunena kuti ku Lilongwe kuli bizinesi ya changu. Nkhokwe imene analonjeza amayi anga mpaka lero mitengo yake ikadali m'nkhalango, ikukula."

Nyumba yonse inaphulika. Nkhalamba ina yopanda mano inachita kupukuta misozi ndi chipewa.

"Ndiye taonani," anatero Mzee, akuwerenga pa zala. "Pa Chikikuyu simulandira, chifukwa simunapereke. Pa Chichewa simulandira, chifukwa mwana si wanu, ndipo munda simunalime. Pa lamulo la dziko lonse limene mwalalikira posachedwapa simulandira, chifukwa munthu sagulitsidwa. Musankhe nokha, ife sitikakamiza."

Ine sindigonja wamba. Ndinafunsa ngati palibe mwambo wachinayi. Anati akudziwa mitundu yambiri, koma sanamvepo umene umalola munthu kukolola pamene anathawa kulima.

Ndipo ndikuuzeni, mpaka lero sindinavomere kuti ndinalakwa pa mkangano uja. Tiyamike sanandionetsebe pamene amalumikiza chabwino ndi choipa kuti tione ngati chikuzizira. Inenso za Esinati sindinamuyankhe. Tikakumana timayambiranso, Mwangi n'kumatithirira tiyi. Chimene ndinalakwa ine n'chimodzi: ndinagula mfundo ziwiri zotsutsana, iliyonse pa tsiku limene inali yotchipa.

Tsiku la envelopu lija tinawaimbira apongozi anga ku Dowa pomwepo, foni ili pa sipika. Ndinayamba ndi mbuzi imodzi, poti tonse ndife Achewa ndipo zimenezi si zathu.

"Si zathu?" anatero apongozi. "Bambo, ine ndamva kuti kumeneko mukutsata mwambo wa eni dziko. Ndingawaphunzitse mwambo ine? Zisanu."

"Amayi, ziwiri. Zinthu zadula."

"Zisanu, ndi nkhokwe yanga."

Mayi amene sanatulukepo m'boma la Dowa anandifinya ngati ndine amene ndege ikundidikira. Envelopu inapita kwa iwo yosatsegula. Ine ndinapereka mbuzi zisanu, nkhokwe ya malata, ndi mbuzi ija alendo anadya. Ndipo Mzee potsanzika anandikumbutsa mwachikondi kuti ruracio satha.

Anthu amasiyana pa chabwino ndi choipa, inde, koma pa nkhani yakuti ndilipire ine, dziko lonse linagwirizana.