Tadala Alibe Dzina

Lolemba

Sukulu atsekera. Ana a mumsewu wathu wonse kuno ku Glen Norah ali panja, koma mdzukulu wanga Tadala ali pakhomo pomwepo, chibwano pamaondo. Chifikire kuchokera ku Lilongwe, titaika mayi ake m'manda, mwanayu amalankhula ngati mawu ndi ogula. Zaka zisanu ndi ziwiri, Chishona sachidziwa. Tsiku loyamba anandiitana kuti "agogo" anzake akumva. Kuno gogo ndi wamkazi, wamwamuna amati sekuru. Anamuseka mpaka kugubuduka, iye n'kutseka pakamwa mpaka lero.

Kuseri kwa khola langa la nkhuku kumakumana gulu lachinsinsi. Amadzitcha Makonzo, ndiye kuti makoswe. Amakhulupirira kuti ndine wogontha, ati makina a kufakitale ku Graniteside anandipha makutu. Ine ndimathirira tomato mbali inayi ya khola, n'kumamva zonse.

Malamulo awo:
Wopanda dzina lachinsinsi salowa.
Dzina sudzisankhira. Umachita chinthu, awiri aone ndi maso, ndiye akupatse.
Pokupatsa umaima pa ndowa yovundikira, wina n'kufotokoza zimene unachita. Onse aseke. Wina akapanda kuseka, dzinalo lafa.
Dzina likamveka kwa wamkulu, woulula amalandidwa lake.

Mtsogoleri ndi Rumbi wa nyumba yapakona, dzina lake Jenereta. Magetsi atazima pa phwando la mchimwene wake, anapitiriza yekha nyimbo ndi pakamwa, ng'oma ndi gitala zomwe, anthu osasiya kuvina.
Zeka, mdzukulu wa anthu a ku Tete aja ogulitsa makala, ndi Nsapato Imodzi. Analowa mu ngalande ya zonyansa kukatola mpira, natuluka ndi mpirawo.
Kudzi, mdzukulu wanga wina, mwana wa mwana wanga wamwamuna, ndi Sofa. Pa chibisalirano kwa akalipentala a ku Glen View anabisala m'kati mwa sofa yosamaliza, n'kugona. Sofayo inagulidwa. Anadzidzimuka ali pa lole.

Tadala alibe dzina. Ndimupezera ine!

Lachiwiri

Pulani yapsa. Masewera ofunafuna chuma. Ndikwirira chitini, njira yake ndi ndagi, ndagi zonse m'Chichewa. Rumbi samva Chichewa. Kudzi amangodziwa "zikomo" ndi "ndakhuta". Wopambana ndi Tadala basi, onse akuona. Dzina ndamusankhira kale: Chiwombankhanga. Ndikudziwa kuti dzina amapereka ndi gulu lokha, koma munthu ukhoza kutsokomola dzina pafupi ndi khola.

M'chitini: masiwiti, mabisiketi, maputi (mbuliwuli za kuno), ndi wotchi yanga yakufa yopuma nayo pantchito.

Ndakwirira ana ali ku mjigo. Msana!

Ndagi zake ndapeka ndekha:
"Ndimakhala pano, koma ndimagwira ntchito kamodzi pa sabata." Mpopi.
"Miyendo yanga ina ndi yamtengo, wina ndi njerwa." Benchi la pakhonde.
Yomaliza ikuloza pakati pa mtengo wa mapeyala ndi mpanda.

Ndamuitana Rumbi pageti. Wandiyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu, kenako wandikuwira m'khutu: "Gulu lanji, sekuru? Kulibe gulu!" Atamva za masiwiti wati ana ena amene si gulu akhoza kubwera mawa.

Tadala ndamunong'oneza kuti mawa atchere khutu. Wangoti, "Chabwino, agogo," motsitsa, atayang'ana kaye ngati pali wina.

Lachitatu

Ndaiwala Zeka!

Anthu a ku Tete amalankhula ngati ife. Ndakhala ndikupatsana moni ndi agogo ake zaka zonsezi m'chinenero chanji? Ndagi yoyamba sindinaimalize n'komwe, iye ali kale pa mpopi. Yachiwiri wayankha akuthamanga. Tadala wayankhanso zonse bwinobwino, ndaona milomo yake, koma mawu osatuluka, ndipo sanasunthe pakhomo.

Afika pakati pa mapeyala ndi mpanda. Akumba. Palibe. Akumbanso. Palibe. Onse akuyang'ana ine. Ndaloza chakumanzere pang'ono. Palibe. Ndaloza chakumanja. Chakumanjako ndi bedi la kovo, ndiwo zamasamba za mpongozi wanga, mai Kudzi.

Mai Kudzi abwera kuchokera kumsika, apeza dimba ngati mwadutsa nkhumba. Ndi mayi waulemu. Agwada, awomba m'manja, ati: "Baba, kodi mukufuna golide? Mukadandiuza ndikanayamba ndathyola ndiwo."

Zotayika lero: kovo yense, mpini wa khasu, chitini, ulemu wanga.

Kuseri kwa khola madzulo ano aseka kwambiri. Ndamva akuti, "Wailesi yataya siteshoni." Wailesi ndi ndani? Membala watsopano? Alowetsa wina, Tadala ali pomwepo?

Lachinayi

M'mawa ndabayabaya pansi ndi chitsulo. Ndapeza supuni, chigoba cha batire ndi paipi ya madzi. Mwayi wake lero si tsiku la madzi.

Pulani yachiwiri: kumunyengerera Kudzi kuti amulankhulire msuweni wake. Ndamugulira mafirizi. Wakhala pa benchi ndi Rumbi ndi Zeka, akuyamwa. Ine mtima uli m'malo, ndatulukira pakhomo n'kunena kuti, "Iwe Sofa, tasendera ndikhale."



Firizi ya Rumbi yagwa pansi. Zeka wagwira pakamwa. Ndayesa kukonza, ndati ndimanena benchi, benchili ndi sofa yanga. Ndaliphaphasa ngati sofa. Palibe wandikhulupirira.

Mlandu sunachedwe. Ndinali ku tomato. Ati wogontha sangamve yekha, ndiye wina anamuuza, ndipo amene amagona naye nyumba imodzi ndi Kudzi. Amuimika pa ndowa, Rumbi wanena kuti, "Kuyambira lero ndiwe Kudzi chabe." Palibe waseka.

Mnyamata walowa m'nyumba osandiyang'ana. Chakudya chamadzulo wakana. Mwana uja anakwera lole kuti apeze dzina limeneli, ndipo bambo ake anamukwapula pomubweza. Ine ndalitaya ndi mpweya umodzi.

Ndinayamba ndi mdzukulu mmodzi wopanda dzina. Tsopano ndili nawo awiri.

Lachisanu

Ndavala jekete, ndapita kwa Rumbi. Ndamupeza akutsuka mbale. Ndamuuza kuti ndimamva, ndakhala ndikumva kuyambira kale, Kudzi sanandiuze kanthu.

Wandimvera chisoni. Wandikuwira pang'onopang'ono ngati mlendo: "Sekuru, ndi-nu a-bwi-no! Koma musamuikire kumbuyo!"

Ndati ndikudziwa kuti iwe ndiwe Jenereta, Zeka ndi Nsapato Imodzi. Wayera m'maso. Ati ndiye kuti Kudzi anaulula onse! Chilango chakwera, tsopano saloledwa ngakhale kudutsa pafupi ndi khola. Khola langa lomwe!

Pobwerera ndakumana ndi Zeka. Mwana wabwino, amalankhula nane m'chinenero chathu. Ndamufunsa za Wailesi. Wakanda pansi ndi chala chakuphazi. Ati akuluakulu oopsa nawonso amapatsidwa maina, kuti gulu lizichenjezana. Mai Kudzi ndi Bingu. Mbusa ndi Ameni. Nanga Wailesi? "Imalankhula tsiku lonse, sekuru, koma siimva." Ati ndinalipata tsiku limene ndinawaimitsa padzuwa kuwafotokozera mmene tinkapangira misomali. Onse anaseka, dzina linakhazikika pomwepo.

Moyo wanga wonse pa makina, ana asanu, udikoni. Wailesi!

Masana ndawaona awiriwo pakhomo, Kudzi mbali iyi, Tadala mbali iyo. Tadala wanyema mbatata yake, wamukankhira theka. Kudzi wadya akulira. Tadala wangomuyang'ana nthawi yaitali ndi maso a mayi ake aja. Ndalowa m'nyumba, ndimati ndikufuna chipewa.

Loweruka

Pulani palibe. Ndikuthirira tomato chifukwa akufunadi madzi. Ndakhala pansi kuseri kwa khola, msana ukuwawa.

Mbali inayo Rumbi ndi Zeka akukambirana zopeza membala wina. Kenako ndamva ndowa ikukhwekhwerezedwa, ndi mapazi aang'ono akukwerapo. Mawu a Tadala! Akulankhula Chichewa, Zeka akumasulira. Akuti Kudzi sanaulule. Akuti agogo amamva ngakhale munthu akutsegula shuga kukhitchini. Rumbi akuti umboni uli kuti. Tadala akuti aliyense akhale chete.

Chete.

Ndiye kanong'onong'o kakang'ono, kochepa kuposa mpweya wa nkhuku: "Agogo, tiyi wanu wagweramo ntchentche."

Sindinaganize. Ndadzambatuka, mutu pamwamba pa khola, chipewa chakodwa mu waya, ndakuwa kuti, "Ndani anasiya osavundikira?"

Maso a ana atatu akundiyang'ana. Tiyi sindinapange n'komwe lero.

Zeka wayamba, Rumbi watsatira, agwa pansi. Kudzi watulukira kuseri kwa mapeyala kumene amabisala, naye wagwa. Ndipo Tadala, ali pa ndowa pomwepo, akuseka mpaka kugwira m'mimba, mano akutsogolo kulibe. Sindinadziwe kuti anaguluka. Mwana wakhala m'nyumba mwanga miyezi yonseyi.

Kudzi wabwezeredwa Sofa wake nthawi yomweyo. Kenako Rumbi waloza ine, wanena motsitsa kwambiri, akudziwa tsopano kuti sipafunika kukuwa: "Malo ano aonongeka." Anyamula ndowa. Rumbi wagwira Tadala dzanja. Atuluka pageti onse, kulowera kumunda wa chimanga kuseri kwa mjigo.

Ndatsokomola "Chiwombankhanga" kawiri. Palibe wacheuka.

Patapita nthawi, kuchokera kutali, ndamva kuseka kwa onse pamodzi. Kuseka kokha. Makutu angawa ali ndi malire.

Lamulungu

Ku tchalitchi mbusa wati "Ameni" ndipo ndaluma lilime.

Titangofika kunyumba, likhweru pageti. Tadala wasiya tiyi, wathamanga ndi diresi la kutchalitchi. Mai Kudzi atsegula pakamwa kuti amukalipire, kenako atseka, apitiriza kubzala kovo wawo watsopano. Mbewu ndagula ine.

Ndayesa Kudzi. Wati, "Sekuru, chonde." Ndayesa Zeka ndi bisiketi. Wadya bisiketi, wathokoza mwaulemu, wapita. Ndayesa kuganiza ndekha: Ntchentche? Shuga? Kanong'onong'o? Mwina lili m'Chishona ndipo ndi labwino kuposa langa lija. Ndikukayika.

Wabwera dzuwa litapendeka, maondo ali matope, dzanja lamanja atafumbata. Wadya ndi lamanzere, mai Kudzi osamukalipira. Kudzi wandiuza chimodzi chokha: watsopano amamulemba dzina lake m'chikhatho ndi khala, ndipo amalisunga mpaka dzuwa lilowe. Ichi sindinkachidziwa. Makala samveka.

Pano ndili pakhonde. Wakwera yekha pa benchi, watsamira pa ine, wandiuza kuti Rumbi akumuphunzitsa kuimba likhweru ndi zala, ndipo kuti chimanga chimayabwa. Walankhula, walankhula, mpaka tulo tamupeza pakati pa mawu. Dzanja lili pa bondo langa. Zala zikumasuka pang'onopang'ono, ndikuona timizere takuda.

Magalasi anga ali m'nyumba, pa tebulo. Ndikadzuka, adzuka.

Akhale konko.