Buku Losokedwa Ngati Nsapato

Mpaka lero munthu akandibwereka buku, ndimayamba ndamufunsa ngati alidi ndi mtima wopirira.

Ndili giredi sikisi ku Mpanshya, aphunzitsi athu, Ba Tembo, anali ndi katoni ya mabuku a nthano. Lamulo linali limodzi: ukawononga buku, katoniyo uiwale. Ine ndinabwereka lina lokalamba, lopanda chikuto, ulusi wa kumsana utaduka kale. Ndinaliwerenga mpaka pakati, pomwe mtsikana wa m'nkhanimo anatsekeredwa m'nkhokwe. Kenaka linagwa panjinga, masamba n'kumwazika mumsewu.

Ndinawatola onse, n'kuwasanja potsata manambala. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ayi, ndinafuna kuti Ba Tembo andiyamikire pamaso pa kalasi.

Ndinaphika phala la ufa wa chinangwa, lomwe timamatira makaiti, n'kulipaka kumsana ndi supuni (inde, supuni, ndipo sindinaumire). Phalalo linalowerera m'kati, mapepala n'kufufuma. Ndinalitsindira ndi mwala likadali lonyowa, moti masamba akumapeto anagwirana n'kukhala thabwa limodzi. Ndinaliyanika padzuwa, linapindika. Mphemvu nazo zinamva fungo la chakudya, zinadya phalalo pamodzi ndi m'mphepete mwa mapepala.

Apa ndinathamangira kwa amalume, amene amasoka nsapato pamsika.

"Amalume, kodi mungasoke buku?"

"Chimene chili ndi m'mphepete chimasokeka," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Poti m'mphepete munali modyeka, analowa m'kati pofuna pogwira polimba. Anaboola buku lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi singano ya nsapato, n'kukoka ulusi wa m'tayala mwamphamvu zawo zonse. Pamwamba anavekapo chikopa cha chikwama chakale. Kunena zoona linakongola, ndipo ndinapita nalo kusukulu ndikuyenda monyada.

Ba Tembo analitembenuza uku ndi uku. Atalitsegula, linadzitseka lokha. Anayesanso ndi manja awiri, n'kusuzumira m'kati. Mawu a kufupi ndi msana onse anali atamezedwa ndi msoko, mzere uliwonse woduka.

"Wasoka ndani?"

"Amalume."

"A nsapato aja?"

"Eee."

Sanakalipe. Anatenga buku lina n'kundionetsa pakati pake. "Waona? Mapepala amapindidwa timagulu, ulusi umadutsa pa mpindo penipeni. Ndiye chifukwa chake buku limatseguka. Ili lako lalimba ndithu, adzukulu ako adzalipeza. Koma wowerenga palibe."

Ndinafunsa motsitsa mawu ngati mtsikana uja anatuluka m'nkhokwe.

"Yankho lili m'masamba amene wamatawo," anatero, akukankhira katoni kunsi kwa tebulo.

Sindinabwerekenso buku pasukulupo. Zinandiwawa kwambiri, kuposa mkwapulo. Ndakula, ndafunsa anzanga akale, palibe amene akukumbukira mathero ake. Kwa ine mtsikanayo akadali m'nkhokwe, ndipo amene ndinamumatira chitseko ndine.