Keke ya Fanita Inandidikira Padzuwa

Mpaka lero ndikaona keke ya ukwati thukuta limandituluka, ngakhale kuzizire bwanji.

Unali ukwati wa mlongo wanga Fanita ku Bangula, mwezi wa Okutobala, masiku aja aliyense ankayenda ndi khadi la chipani m'thumba. Poti ndinali mphunzitsi, anandisankha kuti ndinene mawu keke isanadulidwe. Anaiphika ndi azakhali athu, yosanjikiza pawiri, makala pansi makala pamwamba. Azakhaliwo anandilangiza bwinobwino: ndithokoze ankhoswe, makolo a mbali zonse ndi alendo, kenako ndiimiritse akwati agwire mpeni limodzi, ndipemphe anthu awaombere m'manja, basi. Anandichenjezanso kuti shuga wopaka pamwamba uja sagwirizana ndi dzuwa lakwathu.

Ine ndinayamba ndi kuimiritsa Fanita ndi mwamuna wake Zuze, n'kuwagwiritsa mpeni (zakumapeto ndinaziika koyamba). Kenako maso anga anagwera pa tcheyamani wa chipani, ali pampando wakutsogolo. Munthu wotere sunkamudumpha. Ndinawathokoza, anthu n'kuomba m'manja. Koma ukatchula tcheyamani, mlembi wake umusiya bwanji? Nanga abusa? Atsibweni a kwa Mlolo, amene anawoloka Shire pabwato, anatsokomola. Ndinawatchula, pamodzi ndi wopalasa bwato yemwe. Dzina lililonse, m'manja. (Tisanamizane, zinayamba kundikomera.)

Apo n'kuti mthunzi wa chisakasa utasuntha, keke ili padzuwa. Akwati anali chiimire, mpeni uli m'manja, poti sakanadula ine ndisanawauze. Fanita anandinong'oneza: "Achimwene, keke ikugwa."

Nditacheuka ndinaona shuga akuyenderera pansalu ya patebulo, keke yapamwamba itapendekeka ngati chisoti cha munthu woledzera. Fanita misozi ili lengelenge. Mtima unandiwawa, chifukwa mwana uja keke imeneyi anailota chaka chathunthu.

Azakhali anadzuka, n'kuichirikiza ndi dzanja, n'kunena modekha: "Takhuta, zikomo nonse amene mwabwera. Ana athu awa akudula keke yawo. Tiyeni tiwaombere m'manja."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Akwati anadula, anadyetsana, n'kutenga mbale kukagwadira makolo, Fanita akuseka tsopano. Keke inakoma, moti tcheyamani ananyambita zala. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pa mayina onse aja ankhoswe sindinawatchule, makolo ayi, azakhali ophika keke ayi.

Patatha zaka zitatu, pa ukwati wa mwana wawo, azakhali anandipatsanso mwayi. Anaima pambali panga atagwira ambulera yopinda. Ndinathokoza ankhoswe, makolo, alendo ndi iwo omwe, ndinaimiritsa akwati, ndinapempha m'manja, keke n'kudulidwa ili chilili. Ndinanyadira kwambiri. Pambuyo pake ndinawayamikira kuti anaganiza bwino kubweretsa ambulera yotchingira keke.

"Sinali ya keke, mwanawe," anatero. "Inali ya mutu wako."