Tsiku limene ndinathokoza mopitirira pa chidikiro

Ndagi! Kanthu akuluakulu onse akukaona, koma woyamba kukatchula ndiye wapalamula. Agogo anga andilera ndi ndagi, koma iyi sanandiphunzitse, ndinaiphunzira ndekha pamaso pa midzi isanu.

Pafupi ndi chipatala chathu chaching'ono, kuno ku Mbombwe, anthu amanga chidikiro, nyumba yoti amayi oyembekezera azikhalamo mwezi womaliza kudikira tsiku lawo. Kale ankagona pakhonde la chipatala, ena n'kuchedwa kunyumba mpaka kuchirira panjira ali pa kabaza. Ndiye tsiku lotsegulira, a Makwinja, apampando a komiti ya zaumoyo, anati mwana wasukulu mmodzi athokoze anthu odzipereka. Aphunzitsi analoza ine, ati ndimalemba ndakatulo. Ine amene ndikaona anthu atatu pamodzi malovu amauma!

Sabata yonse ndinkayeserera m'munda mwa nandolo, ndipo nandolo ankandimvera bwinobwino. M'maganizo mwanga ndinkaona anthu akulira, amayi akululutira, mwina wina n'kunditengera ku wailesi.

Tsiku litafika, anandipatsa chimkuzamawu. Mukudziwa kuti ulemu uli ndi ndondomeko yake: agulupu, mafumu, abusa, achipatala, kenako ena onse. Ine ndinayamba ndi "azimayi ndi azibambo," n'kulumpha mafumu onse atakhala kutsogolo kwanga penipeni. A Makwinja anatsokomola. Ndinabwerera, n'kutchula mafumu kawiri, abusa n'kuwaiwala. Anatsokomolanso.

Mawu onse a m'munda aja anathawa. Ndinati basi, ndingonena zimene ndinaona ndi maso.

"Tikuthokoza azibambo amene anaponda dothi n'kuumba njerwa ndi zikombole, mudzi uliwonse tsiku lake. Tikuthokoza amene anapanga uvuni n'kusonkhezera moto mpaka njerwa zitapsa. Anyamata a ngolo amene anatuta mchenga kumtsinje. Amisiri athu amene anamanga osalandira kanthu, bungwe lina litangotithandiza simenti ndi malata. Tsopano mayi azibwera ndi womudikirira wake, ufa, nkhuni, beseni ndi zitenje, khitchini ilipo, bafa lilipo, anamwino azimuyeza ali pafupi."

Anthu anaomba m'manja. Abale, m'manja ndi moipa! Mantha anasanduka kulimba mtima kwa munthu woledzera. Ndikanakhala pansi pomwepo bwenzi lero ndili munthu. Koma ndinaona achemwali anga a Esinati atakhala pamkeka, amene anatunga madzi omangira kuyambira pa maziko mpaka pa pulasitala, ndipo mtima unandiuza kuti awa asapite osatamandidwa.

"Makamaka achemwali angawa, amene ankasenza ndowa kuchokera pa mjigo chonsecho ali ndi pakati pa miyezi inayi! Nyengo yokolola isanathe, alowa m'nyumba yomanga okha!"

Zii. Ngakhale mbuzi zinasiya kulira.

Yankho la ndagi ija ndi limeneli: mimba yoyamba. Kwathu siitchulidwa pagulu, ndiponso si mtsikana wosakwatiwa amene amaitchula. Amayamba anankungwi kumulangiza mwini wake, kenako akuluakulu amapita kukauza akuchimuna mwaulemu. Agogo anali atakonza zopita kuchimunako, ku Mpama, Loweruka lotsatira. Ine ndinangozimva ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Ndipo apongozi awo a achemwali, mayi ake a alamu anga a Yohane, anali pomwepo, mzere wachiwiri, atavala duku latsopano. Anamvera pa chimkuzamawu, limodzi ndi ogulitsa mandasi.

Achemwali anadzifunditsa chitenje kumutu. Alamu anayamba kuyang'anitsitsa tayala la njinga yawo ngati aliona koyamba. Amayi anga anandiyang'ana ndi diso loopsa. Ndinakumbuka zimene amanena, zoti mimba ikalengezedwa msanga anthu oipa mtima amaimanga. Nanga chikachitika chinthu, adzati ndani? Ndinafuna kukonza.

"Pepani, mwina si inayi, mwina ndinamva molakwika, mwina angonenepa..."

"Zikomo mwana wathu, zikomo kwambiri!" anatero a Makwinja akundilanda chimkuzamawu ngati akulanda mpeni kwa khanda.

Anamwino aakulu okha ndi amene anaseka. Anati, "Esinati, poti tamva tonse, Lachiwiri ndikuone ku sikelo. Miyezi inayi usanayambe? Ndowa zija usiye." Ndinaona ngati andipulumutsa, koma ayi, tsopano achemwali anali ndi milandu iwiri, yonse yochokera pakamwa panga.

Agogo anapita ku Mpama m'mawa mwake ndi nkhuku, kukauza anthu nkhani imene anali ataimva kale. Achemwali anayamba sikelo, ali bwino, koma mpaka lero ndikalowa m'nyumba amasiya nkhani n'kufunsa kuti, "Wailesi yazimitsidwa?" Ine ndimapemphera tsiku lililonse kuti achire bwino, chifukwa akangoyetsemula onse amatembenukira kwa ine. Ndalumbira, ngakhale pa ukwati wanga womwe, wothokoza adzakhala wina.

Madzulo a tsiku la mwambolo tinakhala tonse pakhonde kwathu, apongozi aja atatitsatira ali pampando, amayi akusowa poyambira. Mlongo wanga wamng'ono Chisomo, wa zaka zisanu, anayandikira achemwali, n'kuwagwira pamimba ndi kachala.

"Achemwali, ndiye mwanayo analowamo bwanji umu?"