Mnzake Ali Kuti?

Usiku watha ndinalota zinthu zimene mpaka pano zikundizungulira m'mutu, anzanga, ndiye ndati ndizilembe pagulu lathu lino mwana wanga Mzati asanadzuke. Amene mauthenga aatali amakutopetsani mungodutsa.

Ndinalota ndili kusikelo, pansi pa mtengo uja timakhala podikira, koma amayi onse kulibe. Mabenchi okhaokha. Mzati ali kumsana, ine ndikungopendeka khosi kumvetsera ngati akupuma. Ndiye anatulukira mlangizi wa zaumoyo, wovala yunifolomu yake yabuluu, n'kunena kuti, "Lero sitikuyeza ana, mayi. Tikuyeza eni sewero. Kwerani."

Sindinafunse kuti sewero lake liti. Ndinangozindikira ndikulendewera pa chitenje ngati khanda, miyendo ili m'malere, Mzati akadali kumsana. Muvi wa sikelo sunasunthe n'komwe. Ndiye sikeloyo inatsokomola n'kuyankhula.

"Ameneyu sindingamuwerenge. Ndimuyeza poyerekeza ndi ndani?"

"Ndine mayi wosamala," ndinatero. "Madzi ndimawiritsa. Matewera ndimasita. Katemera sitinaphonyepo."

"Zimenezo mukudzinenera nokha, mayi," anatero mlangizi uja. "Mnzake ali kuti?"

Mwadzidzidzi khosi lake linatalika, yunifolomu ija inamera timadontho toyera, ndipo pamaso panga panaima nkhanga, cholembera chikadali kukhutu.

Mawu akuti Mnzakewo anandilasa, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Tili Folomu 3 tinali m'kalabu ya zisudzo, ine ndi Mwandida, yemwe uja amatumiza zoseketsa pagulu pano. Ine ndinkasewera mtengambali wamkulu nthawi zonse. Mwandida gawo lake linalibe dzina. Aphunzitsi ankangoti, "Mnzake alowe." Iye n'kulowa atasenza chikwama changa, n'kupunthwa, n'kufunsa funso lopusa, holo yonse n'kuphulika. Takula choncho. Koma mwezi watha anabwera kwathu kudzaona mwana, ndipo anapeza apongozi anga alipo. Anandiona ndikuika chala pamphuno ya Mzati ali mtulo, ndiye n'kuseka amvekere, "Mayi, mpongozi wanuyu amawiritsa ndi sopo yemwe." Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi. Pomuperekeza ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Sanapondedi.

"Mnzake ndilibe," ndinauza nkhanga ija. "Sindikumufunanso."

"Wopanda mnzake timam'bwereka," inatero. Inapalasa pansi n'kufukula silipasi yakumanzere, yakutha chidendene, lamba lake logwiridwa ndi msomali kunsi. Silipasiyo inadzikutumula fumbi n'kundiyang'ana.

"Sungeni, wanenepatu," inatero, ikunditchula dzina langa. "Tiye."

Ndiye tinanyamuka, ine patsogolo, iyo pambuyo, phwa, phwa, phwa. Njira yonse munalibe munthu. Nyumba zonse zotseka mawindo, msika uli mbee, mpaka agalu kulibe. Silipasi inkaponda m'matope dala, inkanunkhiza zitumbuwa zogwa pansi, inkaimba nyimbo yakwaya molakwitsa mawu. Ine ndinkalambalala chithaphwi chilichonse, n'kumakonza chipewa cha Mzati.

"Iwe umayenda ngati pansi pali mazira," inatero.

"Iwe umayenda ngati ulibe kwanu."

Mwadzidzidzi msewu unathera pachitseko, ndipo tinali m'holo ya kusukulu kwathu. Nsanja yake inali ya madesiki omangirirana monga kale. Oonerera anali mipando yapulasitiki, yodzaza holo, ikunong'onezana. Kutsogolo kunakhala woweruza wa mpikisano, bambo wa jekete lotuwa ochokera kuboma, ndiye pamene ankapukuta magalasi, mutu wawo unazungulira mpaka kumbuyo n'kubwerera, ndipo anali kadzidzi. Ndinam'phimba Mzati kumutu.

"Sewero ndi la mayi amene akulera mwana yekha," anatero kadzidzi. "Yambani."

Ndinakwera pansanja. Silipasi inati idumphe nayo, ine n'kuikankha ndi phazi. Inagwera kuseri kwa katani.

Ndiye ndinasewera, anzanga, ndinasewera bwino kuposa kale lonse. Ndinasambitsa mwana osamulowetsa sopo m'maso. Ndinakunga neti osasiya mpata. Ndinaphika phala lopanda mibulu. Sindinalankhule, chifukwa ndikanalankhula ndi ndani? Ndikuyembekeza kuomberedwa m'manja, ndinamva kukwekwereza. Mipando inali ikutuluka, umodzi umodzi, pa miyendo yake inayi.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Pepani mayi," unatero mpando wina wothyoka mkono. "Palibe choti tione. Mwatha kale."

Ndinati ndiuthamangire, mapazi osanyamuka. Kuyang'ana pansi, asanduka simenti. Simentiyo inakwera m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Mzati anayamba kulira kulira kwa njala, ine ndikumumva pamsana, koma manja auma, sindingamasule chitenje, ndipo ngakhale ndikanamasula, akanayamwa chiyani pa bere la simenti?

"Bwana, ndithandizeni! Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe kanthu, mayi, vuto lake ndi lomwelo," anatero kadzidzi. "Munthu wosalakwa sitimuonera sewero. Timamuumba n'kukamuimika pa raundabauti, magalimoto n'kumamuzungulira. Ife takhala kuno, inu muli uko, mwatseka pakamwa. Tilowera pati mumtima mwanu? Khomo lija mwalikankhira kuseri kwa katani."

Ndiye kunamveka phwa, phwa, phwa. Silipasi inatulukira, msomali wake utapindika. Sinandikalipire. Inangondizungulira n'kuima pambali panga, iyo yamatope, ine woyera ngati khoma latsopano. Mpando umodzi unaima pakhomo n'kucheuka.

"Sungeni," inatero mokweza, kuti akumbuyo amve, "bwanji umaika chala pamphuno ya mwana akagona?"

"Ndimaona ngati watentha thupi."

"Kutentha thupi amaonera pamphuno? Kwanu kuti?"

Mipando inaseka. Ingapo inabwerera n'kukhala. Ine manyazi anandigwira, koma ndinamva kuti chala changa chimodzi chagwedezeka.

"Usiku umadzuka kangati?"

"Sindidzuka."

"Umagona nthawi yanji kuti udzuke?"

Mipando inasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina, kuja timaseka tikamva zathu zomwe m'kamwa mwa wina. Kadzidzi anawerama n'kuuza mipando ngati mphunzitsi: "Mwaona? Funso limene inu mumalifunsa mumtima, wafunsa ndi uyu. Yekhayu ndiye ali pafupi moti angafunse. Ndipo taonani, mayiyu ali yekha tinkati ndi wosamala basi. Taika wosasamala pambali pake, kusamala kuja kwaoneka mtundu wake weniweni."

"Mtundu wanji?" unafunsa mpando wothyoka uja.

"Aneneretu yekha."

Silipasi inandiponda pang'ono paphazi. "Nena, iwe. Ndine ndemwe."

"Ndimaopa," ndinatero, mawu akutuluka ngati mchenga. "Bambo ake ali ku Joni. Ndikatseka chitseko timatsala awiri, ndipo wina satha kuyankhula. Akadzasiya kupuma ndili mtulo, ndidzauza ndani kuti ndinayesetsa?"

Simenti ya pachifuwa inang'ambika, mkaka n'kuyamba kudontha pa bulauzi. Mipando yonse inali itabwerera, ina yakwerana.

Mwadzidzidzi denga linatseguka, mvula n'kuyamba kugwera pansanja. Silipasi inasokonezeka, kuthamanga uku ndi uku. "Mayo, ambulera ndaiwala! Thewera ndaiwala! Mwana tamusiya kuti?"

"Ali kumsana, chitsiru iwe," ndinatero, "ndipo pulasitiki ili m'chikwama, thumba lakumanja." Dzanja limodzi linamasuka lokha n'kuitulutsa, n'kum'phimba Mzati. Sananyowe ngakhale pang'ono. Mipando inaomba miyendo pansi.

"Zimagwira mbali zonse ziwiri," anatero kadzidzi. "Pambali pa uyu mantha anu aonekera. Pambali pa uyu yemweyo chikondi chanu chaonekeranso. Panokha zonse ziwiri zinali simenti."

Ndinasangalala, anzanga, ndinayamba kuweramira oonerera ndi mutu. Ndiye silipasi inati, chapansipansi, osatinso moseketsa, "Nanga ine unandifunsapo?"

"Kukufunsa chiyani?"

"Kuti ndadzuka bwanji. Kuti msomaliwu ukundilasa kapena ayi. Ndimabwera, umandisimbira za chimfine cha mwana, za phala, za apongozi. Ndimanyamula chikwama. Ndikamapita umati zikomo pobwera. Ukudziwa chimene ndinabwerera tsiku lija?"

Sindinkadziwa. Mpaka pano sindikudziwa. Mipando inandiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko kunawawa kuposa kuseka kuja.

"Pano ndiye timamudziwa mwini sewero," anatero kadzidzi. "Osati pamene akulimbana ndi mvula. Pamene akuyankhula ndi womunyamulira chikwama."

"Komatu silipasiyi yakankhidwa, yapondedwa, ikumutsatabe," unatero mpando wothyoka. "Ndiye kuti mayiyu ali ndi kanthu kabwino kamene ife sitinakaone. Ine ndikhala mpaka kumapeto."

Ndiye nkhanga ija inalowera pawindo, cholembera kukhutu. "Nthawi yobwereka yatha." Inatola silipasi ndi mlomo n'kuuluka nayo, osandipatsa mpata wotsanzika.

Ndinatsala pansanja, dzanja limodzi lamoyo, lina lasimenti, miyendo yosanyamuka. Mzati akulira, mkaka ukudontha, koma mfundo ya chitenje ndi dzanja limodzi sinkamasuka.

"Mnzake wobwereka amafika pamenepa basi," anatero kadzidzi, akupinda magalasi. "Kotsalako n'kwa mnzake weniweni. Muitaneni."

"Mnzake alowe!" ndinakuwa.

Katani silinagwedezeke.

"Limenelo si dzina, mayi."

Ndinaitana dzina lake lenileni, Mwandida, ndipo linamveka holo yonse n'kubwerera kwa ine. Ndinaitananso. Kadzidzi anali atapita, mipando ili duu, yonse yatembenukira kukatani, tikudikira limodzi. Ndiye kuseri kuja kunamveka ngati wina akukonza kukhosi kuti ayankhe, kho, kho, khoo.

Kutsegula maso, unali mpopi wapanja ukutsokomola, madzi abwera. Mzati ali mtulo, kukamwa kuli yasa. Ndinam'bereka n'kutuluka ndi ndowa yaikulu ija. Inadzaza mpaka kusefukira, ine nditaima pambali pake, nkhata ili m'manja, ndikuyang'ana kunjira ngati kungadutse munthu wondisenzetsa.