Tsiku Limene Ndinayamikira Mkazi Wanga ndi Mwambi

Munthu akayamba kulankhula ndi mawu akuti "akuluakulu anati," ine ndimayamba kufunafuna pothawira. Ndikudziwa zimene ndikunena, chifukwa ndinali munthu wotero, ndipo pakamwa pangapa panatsala pang'ono kundimwaza banja lisanathe ndi chaka chomwe.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito pabwalo la ndege ku Chileka, kunyamula masutikesi a anthu opita kumigodi ku Joni ndi obwerako. Ntchito yake inali ya mtengatenga basi, koma kumudzi ndinkangoti "ndili kundege," ena n'kumaganiza kuti ndimaiyendetsa. (Sindinawakonze.) Kusukulu masamu anandikana, Chingelezi chinandikana, koma miyambi ndiye ndinkaimwa ngati thobwa. Ndinali ndi kope lonse la miyambi, ndipo ndinkakhulupirira kuti mwamuna wokhala ndi kope lotero sangalakwitse posankha mkazi.

Loweruka lina ndinapalasa njinga kupita ku Lirangwe kukagula nandolo. Anyamata a chipani ataona khadi langa la umembala pakhomo la msika n'kundilola kulowa, ndinapeza atsikana awiri apachibale akugulitsa tomato. Wamng'ono, Rozina, anali wokongola moti anthu ankagula tomato wophwanyika osadandaula. Wamkulu, Esinati, anali wamfupi, wakachetechete, wa manja okhakhala, ndipo ndi iye ankaunjika milu ndi kuthamangitsa mbuzi. Mtima wanga unalumphira kwa Rozina, koma kope linati ayi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Linawonjezanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye ndinadekha milungu inayi, kugula tomato amene ndinalibe pophikira, mpaka ndinafunsira Esinati. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato kufika kumutu, nati ndikaonekere kwa amalume ake.

Zonse zinayenda mwa dongosolo lake. Amalume anga, a Jailosi, anapita kukagogoda kwa amalume a Esinati, a Wadisoni, amene anali mwini mbumba. Anawabweza ulendo woyamba kuti akafunse kaye mwana ndi amayi ake, ulendo wachiwiri n'kuvomera. Pa chinkhoswe akwathu anapereka tambala, akuchikazi anapereka thadzi. Ine ndinalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, Esinati analandira lichero, mthiko ndi chipande. Kenaka anatikhazika pamphasa kutilanga.

Apa ndiye panali miyambi yochuluka kuposa ya m'kope langa. Kwa Esinati anati mwamuna ndi pamimba, anati banja n'kupirira, anati za m'nyumba sazitulutsa kuchitsime. Zimenezi ndinazimva bwinobwino, mwinanso kuposa mwini wake. Kwa ine anati mkamwini asamakule mwendo, anati wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, anati khasu ndapatsidwalo si lokongoletsa m'nyumba. Zimenezi zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Miyambi ili ngati zovala za kaunjika, munthu amatola yomukwana.

Monga mwa mwambo wakumeneko, ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Pakati pa mlungu ndinkagona m'kachipinda ka lendi ku Chileka, Loweruka n'kupalasa kupita ku Lirangwe. Akamwini anzanga a pamudzipo ankalawirira kumunda kwa apongozi awo. Ine ndinkatulutsa mpando ndi wailesi, n'kukhala pakhonde nditapingasa miyendo. Khasu lija linachita dzimbiri chili chiimire pakona. Apongozi sankanena kanthu, pakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine kukhala chete kwawoko ndinkakuyesa ulemu umene amapereka kwa munthu wakundege.

Tsono linafika Loweruka lija. Dzuwa linali litapendeka, Esinati ndi Rozina akusinja chimanga pamtondo pafupi ndi khonde. Esinati anali atakwiya chifukwa ndinabwera chimanjamanja, sopo amene anandituma nditaiwala. Anati amuna ena amadziwa kuyamikira akazi awo, ngakhale ndi mawu okha. Ine ndinaona kuti mpata wosonyeza nzeru ndi umenewu. Ndinatsitsa wailesi, n'kukonza kukhosi.

"Inu amayi, musamadandaule. Ine pokusankhani sindinayang'ane nkhope. Ndikanafuna nkhope ndikanatenga alamu angawa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ndinamwetulira, kudikira kuti andithokoze. (Inde, ndinadikiradi.)

Misi yonse iwiri inaima. Mwa mawu ochepa chabe ndinali nditauza mkazi wanga kuti ndi wosaoneka bwino, ndi mlamu wanga kuti ndi wowola m'kati. Rozina anandifunsa, mosakweza mawu, kuti nyerere zakezo ndinaziona liti, ndipo ndinaziona pati. Esinati anatsamiritsa musi pamtondo, nakutumula gaga pachitenje, n'kulowa m'nyumba.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinamutsatira kukamufotokozera tanthauzo la mwambiwo, poganiza kuti sanaumvetse. Ndinaufotokoza kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

Rozina anali atathamangira kwa amayi ake akulira. Posakhalitsa apongozi anafika, naima chapatali cha kunkhokwe atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wake, n'kufunsa mwana wawo kudzera pazenera kuti kwagwanji. Sankalankhula ndi ine. Koma ine, mutu utatentha, ndinatulukira pakhomo ndi kuwayang'ana m'maso.

"Amayi, banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule."

Taganizani. Ndinali nditaima pa dothi lawo, m'nyumba yofoleredwa ndi udzu wa m'munda mwawo, m'mimba muli chimanga cha m'nkhokwe yawo, ndikuwatchula kapasule. Mayiwo anangogwira pakamwa n'kubwerera. Mkamwini mnzanga amene ankasema mpini pafupi ananyamula mpini wake ndi kusamukira kuseri, kuopa kuitanidwa umboni.

M'mawa mwake ndinapita kukasamba kumtsinje. Pobwera ndinapeza mpando, wailesi, sutikesi ndi njinga zili pabwalo, zitasanjidwa bwinobwino, kope la miyambi lili pamwamba atalitsendereza ndi mwala kuti lisauluke. Khasu lokha ndi limene anasunga. Chitseko chinali chotseka. Ndinamangirira zonse panjinga, ndipo poti mpando sunkalola kupalasa, ndinakankha kudutsa pakati pa mudzi nthawi imene anthu amapita kutchalitchi. Mayi wina anauza mnzake mokweza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwambi umenewo unalimo m'kope, koma sindinkadziwa kuti umapweteka chonchi.

Nkhani ya banja sikambidwa ndi eni ake okha ikafika pamenepa, imapita kwa ankhoswe. Ndinakagwada kwa a Jailosi, iwo anatumiza mawu kwa a Wadisoni, ndipo patapita milungu iwiri tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Milungu iwiri imeneyo ndinaithera kukonzekera. Sindinkakonzekera kupepesa ayi. Ndinkasankha miyambi yoti ndikawagonjetsere, ndiponso ndinali nditaganiza zokapempha chitengwa, kuti ndimutenge Esinati tikakhale ku Chileka kutali ndi akapasule.

A Wadisoni anali munthu wowonda, wosoka zovala pakhonde la sitolo ku Lirangwe, wolankhula ngati akuwerenga nsonga za singano. Anafotokoza mlandu wonse mwadongosolo, kuyambira pa khasu la dzimbiri. Atandipatsa mpata, ndinaimirira (a Jailosi anandikoka malaya kuti ndikhale pansi) n'kuyamba kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa, choncho za m'nyumba mwanga zisiyidwe kwa ine. A Wadisoni anavomera kuti mwambiwo ndi woona, nafunsa kuti mwini nyumbayo ndani, popeza malo ndi a mbumba yawo. Ndinati mutu umodzi susenza denga, mkazi ayenera kugwirizana ndi mwamuna wake. Anati n'zoonadi, ndipo n'chifukwa chake denga la nyumba yangayo analisenza akamwini anzanga ine ndili kundege. Ndinatchula za chitengwa. Anaseka pang'ono, nati chitengwa amapempha munthu amene mudzi wamuona mapindu ake, osati amene akufuna kukabisa mwana wa eni kumene kulibe omumvera akalira.

Ndinayang'ana a Jailosi kuti andithandize. Iwo anali akuyang'ana nyerere zenizeni zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lawo. Kenaka anauza bwalo kuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndipo iwo monga mtengo akupempha kuti mwanayu asapatsidwenso mpata wolankhula.

Ankhoswe anafunsa Esinati ngati akundifunabe. Anali atakhala pamphasa pambali pa amayi ake, akuthothola ulusi wa chitenje. Anayankha osandiyang'ana.

"Iwowa akuti anandisankha ndi mwambi. Inenso ndinawalola ndi mwambi. Amene ndinkamufuna anakwera ndege kupita ku Joni, mwina sutikesi yake ananyamula ndi iwo omwewa, ndipo sanalembe kalata. Amayi anandiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndiye ndinangoti bola fodya ameneyu. Sindinawauzepo chifukwa ine ndinaleredwa."

Rozina anaseka mpaka anachita kumutulutsa pabwalopo. Ine ndinamva ngati andivula malaya pamsika. Miyezi yonseyi ndinkayenda monyada kuti ndinachitira chifundo munthu, osadziwa kuti wochitiridwa chifundo ndine.

Komabe sananene kuti sakundifuna, ndipo ankhoswe anagwira pomwepo. Anagamula kuti ndipereke nkhuku kwa apongozi yopepesera pakamwa, ina kwa Rozina, ndipo ndilime ndime yanga m'munda mwa apongozi dzinja lonse ngati mkamwini wina aliyense. Kupepesako ndinachita chogwada, kudzera mwa a Jailosi, nditayang'ana kumbali. Loweruka lililonse ndinkafika ndi sopo, n'kusintha zovala, n'kutenga khasu. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, ndipo akamwini anzanga ankadutsa dala kumundako kudzandifunsa kuti ndege yafika bwanji kuno. Za chitengwa ndinadzazitchulanso patapita zaka zisanu, ana ali awiri, ndipo anavomera tsiku lomwelo.

Esinati ndili naye mpaka lero, pano pa Chileka. Rozina anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Lunzu, banja lawo ndi la mtendere moti limanyansa, ndipo nyerere sizinaonekepo.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Chaka chatha mwana wa mlongo wanga, bambo wandevu zake, anabwera kudzandipempha kuti ndikhale nkhoswe yake, nandifunsanso kuti mkazi wabwino amamudziwa bwanji. Ndinamva kukhosi kukuyabwa. Ndinakhala bwino pampando, n'kukweza chala, n'kuyamba kuti akuluakulu anati. Esinati, amene ankasankha nyemba pakhonde, sanadzutse ndi mutu womwe.

"Mwanawe, ukamamva kuti akuluakulu, usamaganize kuti anali angelo. Anali anthu ngati amalume akowa."