Nambala Seveni ya a Overton Msowoya

Ku Bolero kuno, munthu amene ankanena nthabwala ndi manambala anali mmodzi yekha: malemu a Overton Msowoya, oyendetsa mwambo pa maukwati. Ine ndinawanyamulira zokuzira mawu zaka zambiri chibwerere kuchokera kwathu ku Dedza, ndiye musanditsutse. Nthabwala zawo zinali khumi ndi ziwiri basi, zomwe zomwezo kuyambira chaka cha referendamu. Anthu anaziloweza ngati nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Wina ankangokuwa kuti "Folo!", holo yonse n'kuyamba kuseka iwo asanatsegule pakamwa.

Folo inali ya mkazi amene bambo ake alandira ng'ombe za lobola: akati ameneyo akamenyedwa asathawire kwawo, akadandaule kukhola. Kale amuna ankagwa nayo pansi, amayi n'kumabisa nkhope m'chitenje. Ife tinkati akuseka. Koma chaka china ku Nkhamanga ataitulutsa, holo inangoti zii. Theka la amayi a mvano linali litaperekezapo mnzawo wotupa diso kupolisi. Amene ankakhala chete aja tsopano anali pa tebulo lapamwamba, ena ndi akulu a mpingo.

A Overton anagogoda maiki n'kundiyang'ana ine, ati mabatire atha. Munthu ameneyu! Ulendo wonse wobwerera anakalipira mabatire, kenako mafoni, ati amanyamula nthabwala kupita nayo kwa anthu a ku Mzuzu amene sanadye nawo mpunga wa pa ukwatiwo.

Koma chuma chawo chenicheni chinali Seveni. Ankatsanzira a Hezron Kumwenda, telala wa pamsika, amene anali ndi chibwibwi. Ankakoka moni wa a Hezron, maso otuzula, phazi likumenya pansi, mpaka akwati kubereka mwana woyamba moniwo usanathe. Wina akadandaula, yankho linali lokonzeratu: mwini wake amaseka kuposa aliyense. Ndipo zinali zoona. A Hezron ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Ndiye Dinah, mwana wa a Hezron, namwino, anapeza banja. Bolero yense anadziwa kuti maiki ndi ya a Overton. Iwo anachapitsa suti. Dinah anafika pakhomo pawo ine ndilipo, anagwada bwinobwino, n'kunena kuti wayitanitsa mnyamata wa ku Mzuzu kuti adzayendetse mwambo. Anati ali kupulaimale, anzake ankamuchingamira pa geti ndi Seveni, ndipo sakufuna kuimvanso atavala velo.

Ukwati wa pa Bolero kuyendetsedwa ndi mlendo! Kwa a Overton imeneyo inali imfa. Anandikoka mpaka kumsika kuti mwini wake akadzudzule mwana wake.

"A Hezron, zaka zonsezi inu simumaseka kodi?"

A Hezron anaimitsa makina. Mawu anatenga nthawi kutuluka, ndipo a Overton, mwina koyamba m'moyo wawo, sanawamalizire.

"Ndinkasokera anthu omwewo. Ndikanakwiya, mukanatsanziranso kukwiyako."

Tinabwerera kunyumba. Ine manyazi anandigwira, chifukwa pa Seveni ndine ndinkakweza voliyumu.

M'mawa mwake a Overton anapita okha kwa Dinah. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma maiki anapatsidwa, ndi chenjezo lakuti akangoyerekeza kutulutsa Seveni, ine ndizule waya. Tsiku la ukwati dzanja langa silinachoke pa waya. Mwambo uli pakati, chidakwa china kumbuyo chinakuwa kuti "Seveni!" Ena anaseka pang'ono, n'kumayang'anana.

"Seveni inapuma pa ntchito, adada," anatero a Overton. "Lero alankhula eni ake."

Anapereka maiki kwa a Hezron, bambo amene pa maukwati a ana awo awiri oyamba anachita kulankhuliridwa ndi achimwene awo. Analankhula mphindi khumi zathunthu. A Overton anaima pambali pawo ngati msilikali, diso lili pa aliyense wofuna kumwetulira. Dinah analira mpaka ufa wa kumaso unachoka. A Hezron atafika pothokoza kuti "yewo chomene", nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Musaganize kuti a Overton anasanduka mngelo. Folo anaiyesabe kawiri, kawiri konse n'kugwa nayo. Kenako anayamba kuseka dazi lawo ndi njinga yawo yopanda mabuleki, n'kumadandaula kuti pa Bolero patsala munthu mmodzi yekha amene angamunyoze popanda komiti kukhala pansi.

Anatisiya chaka chathachi, nthawi yokolola fodya. Maukwati a masiku ano amatha pa nthawi yake, salakwira munthu, ndipo ine ndimawasowa a Overton koopsa. Pa maliro awo a Hezron anapempha okha kuti alankhule, ndipo khamu lonse linawadikira.

"Munthu uyu anandizunza zaka makumi awiri," anatero. "Sindinaiwale. Koma ndi yekhayo pa Bolero amene anabwera kudzandifunsa."